Mzere womaliza wa imelo

Sabata yatha ndinalembera imelo wogula mbatatesi wina wa ku Tete, n'kumaliza ndi "ndidikira kumva kwa inu." Ndinadikiradi masiku 9, matumba ali phee kuno ku Ulongwe, ena atayamba kuwola. Vuto linali langa, sindinamuuze chochita.

Dzulo ndinalembanso: "Chonde tsimikizani ngati mutenge matumba 40 pa mtengo tinagwirizana uja, pofika Lachisanu pa 14, nthawi ya 12 koloko masana, kuti ndipeze galimoto Loweruka. Mukapanda kuyankha, ndigulitsa kwa ena. Zikomo kwambiri, ndine wanu," kenako dzina ndi nambala ya foni.

Wayankha m'mawa uno. Mawu oti "mwamsanga" ndasiya, poti aliyense ali ndi msanga wake.