Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mabotolo awiri a agogo

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ananditumiza cha ku Jali, kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, ngati mlangizi wa zaumoyo. Mu Januwale 2023, matenda a kolera atavuta m'dziko muno, amfumu anaitanitsa msonkhano m'tchalitchi ndipo ine ndinauzidwa kuti ndikaphunzitse kasungunulidwe ka Thanzi, mankhwala obwezera madzi m'thupi aja.

Ndinabwereka laputopu ndi pulojekita, n'kukonza masilaidi 22. Munali dzina la kachilombo, mapu, ziwerengero za odwala, zonse. Kunena zoona, ndinkafuna anthu adziwe kuti mnyamatayu sukulu anapitako.

Kutatsala masiku atatu ndinayesera pa agogo, mayi awo a eni nyumba yomwe ndinkachita lendi. Iwowa sukulu analekezera sitandade 2. Pofika silaidi yachisanu anali atayambiranso kusenda mtedza. Ndiye ndinadzifunsa kuti mayi akadzuka usiku mwana akutsegula m'mimba, ayenera kukumbukira chiyani? Zinatsala zinayi: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kulorini, kumwetsa pang'onopang'ono uku akuyamwitsabe, kutaya zotsala pakatha maola 24, ndi kunyamuka msanga kupita kuchipatala akumwetsabe m'njira. Silaidi iliyonse chithunzi chimodzi, mawu osapitirira anayi.

Chomwe chinandivuta ndi lita. Poyamba ndinaika jagi yolembedwa 1L. Sindinawafotokozere agogo, ndinangofunsa kuti, "Agogo, mukuona chiyani apa?" Funso limeneli ndi lomwe limagwira ntchito. Mukafunsa kuti "mwamva?" aliyense amavomera mwaulemu. Iwo anati akuona jagi ya tiyi. Ndinajambula china: mabotolo awiri a madzi ogula aja, a mamililita 500, paketi ili pambali.

"Apa ndiye ndamva, mwanawe," anatero. "Botolo lililonse paketi yake."

Mtima unangoti myu! Kutero ndi kuthira mapaketi awiri m'lita imodzi. Mchere umachuluka, ndipo madzi otere, m'malo mothandiza, amatha kumuwonjezera mwana vuto. Agogo sanalakwe. Chithunzi changa chinangoimika zinthu popanda kuonetsa chomwe chikuchitika, ndiye iwo anadzilumikizira okha.

Ndinayesanso ndi timabokosi titatu totsatizana, mayi akuthira madzi, akuthira paketi, akutakasa. Agogo anaona amayi atatu osiyana, aliyense pa ntchito yake. Ife tinazolowera kuyenda ndi maso kuchokera kumanzere kupita kumanja chifukwa cha mabuku, ndipo timaiwala kuti zimenezo tinachita kuphunzira. Nawonso mtanda wofiira womwe ndinaika pa chithunzi cha madzi ogona sunanene kuti "osamwa". Anati mwina ndi chizindikiro cha chipatala.

Zinatheka nditasiya zojambula pamanja. Ndinapempha mpongozi wa agogowo kuti ndimujambule ndi foni: munthu wathunthu, atavala chitenje, mabotolo awiri opanda kanthu ali pansi, iye akuthira paketi imodzi m'chigubu chimodzi, kumbuyo khoma loyera lopanda nkhuku kapena njinga yokopa maso. Cha madzi ogona ndinamujambula akuwakhuthula pansi. Agogo anafotokoza zonse ziwiri ine ndili chete.

Panatsala anthu ophunzira. Ndinkadziwa kuti aphunzitsi ena opuma sajomba pamisonkhano, ndipo zithunzi zokhazokha akanaziona ngati zachibwana. Ndinawakonzera ntchito yowerenga mokweza malangizo a papaketi, komanso yankho limodzi la funso lomwe ndinkaliyembekezera, loti shuga alimo wa chiyani: shugayo amathandiza matumbo kuyamwa mchere, madzi n'kumatsatira. Chiganizo chimenechi sindinachilembe pa silaidi, ndinachisunga pakamwa.

Tsikulo pulojekita inandichititsa manyazi. M'tchalitchimo mazenera analibe makatani, dzuwa la 10 koloko n'kufufutiratu zithunzi pakhoma. Mwayi wake ndinali nditazisindikiza ku Zomba tauni pa mapepala akuluakulu, ndipo ana awiri ankayenda nazo m'mabenchi. Kenako ndinatulutsa chigubu, mabotolo ndi paketi, n'kupempha mayi wina wobereka mwana kuti asungunule yekha anthu akuona.

Aphunzitsi aja anaimika dzanja, koma za shuga sanafunse.

"Alangizi, kwathu kuno mabotolo ambiri ndi agalasi, a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Amenewonso awiri?"

Amenewo ndi a mamililita 300. Awiri sakwana n'komwe, atatu amaperewera pang'ono, pamafunika kuonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo lachinayi. Zimenezi sindinaziganizireko. Ndinatuma mwana kugolosale kukabwereka botolo lagalasi, tinayeza pomwepo, ndipo aphunzitsiwo anadula mzere ndi mpeni pa chigubu cha mayi uja pomwe madzi analekezera. Anthu asanabalalike, amayi anayi anali atathamangira kunyumba kukatenga zigubu zawo.