Batire langa likutha msanga chifukwa cha zitunda

Sabata yathayi batire la njinga yanga yamagetsi linathima nditangoyenda makilomita 29, pamene ine ndinawerengera 44. Ndinafika kunyumba ndikutchova ndekha, thukuta lili kamukamu, ndipo usiku womwewo ndinakhala pansi kufufuza pamene masamu anga anaphonya.

Pa batire palembedwa 36 V ndi 13 Ah. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza moto wonse umene batire limasunga:

```
36 V × 13 Ah = 468 Wh
```

Koma moto wonsewo simungaugwiritse ntchito, chifukwa njinga imadzithimitsa yokha batire lisanatheretu, komanso langali lakalambako. Ndiye ndimawerengera 400 Wh basi. Pamsewu wopanda zitunda, ndikamathamanga makilomita 22 pa ola uku ndikupalasako pang'ono, mota imadya pafupifupi 9 Wh pa kilomita. Gawani 400 ndi 9, mupeza 44 uja. Ija 250 W yolembedwa pa mota musaiwerengere apa, imangonena mphamvu za motayo, osati moto umene ikudya pa kilomita iliyonse.

Chimene ndinaiwala ndi kulemera. Ine, njinga ndi chikwama tonse pamodzi timakwana makilogalamu 110. Pamalo athyathyathya kulemeraku sikuvuta kwenikweni, chimene chimadya moto kwambiri mukamathamanga ndi mphepo. Koma pamtunda mota imachita kunyamula thupi lonselo kupita nalo m'mwamba. Kukweza makilogalamu 110 mamita 100 kumafuna 30 Wh, ndipo poti mota imataya moto wina ngati kutentha, batire limatulutsa pafupifupi 40 Wh. Gwirani mota mukangofika pamwamba pa chitunda, mumva mmene yafundira. Moto wanu wathera pamenepo.

Nditayang'ana pa foni, ndinapeza kuti zitunda zonse za ulendo uja kuziphatikiza zinakwana mamita 400. Ndiye kuti 160 Wh zinapita pokwera pokha. Onjezani 261 Wh za makilomita 29, zikukwana 421 Wh. Zapitirira 400 pang'ono, ndipo ndikuona kuti nchifukwa choti potsetsereka mota imapuma, komanso pokwera miyendo yanga imathandizako. Koma musaganize kuti kutsetsereka kumabweza moto m'batire. Mota yangayi, monga zambiri zokhala ndi magiya m'kati mwa gudumu, siitchaja batire potsika.

Timizere ta pa njinga tosonyeza moto wotsala m'batire tija ndasiya kutikhulupirira. Pamtunda tiwiri timazimiririka, mukafika pamwamba kamodzi kamabwerera, chifukwa mphamvu ya batire imatsika kwakanthawi mota ikamakoka kwambiri. Chifukwa chomwechi batire likatsala pang'ono limakonda kuthimira pakati pa chitunda, ngati mmene linandichitira ine.

Loweruka ndibwereza njira yomweyi nditapopa matayala bwino ndiponso nditasiya chikwama cha makilogalamu 8 chija. Pa masamu, chikwamacho chimadya 12 Wh pa zitunda zimenezi, kilomita imodzi ndi kachidutswa.