Bizinesi yathu ya mabolodi a manambala owala

Kampani yathu ndi yaing'ono, ya anthu atatu, ndipo ntchito yathu ku Limbe ndi kupanga mabolodi a manambala owala mofiira amene amapachikidwa m'malo osinthira ndalama ndi m'zipatala zing'onozing'ono poitana anthu a pamzere. Tinayamba ndi kukonza mabolodi owonongeka, ndipo ambiri ankabwera ndi dandaulo lofanana, lakuti manambala akuphethira mpaka wogwira ntchito pafupi amaweruka mutu ukuwawa. Titaona kuti vutoli limachokera m'kapangidwe, tinaganiza zoyamba kupanga athu.

Nambala iliyonse ili ndi timizere 7 towala, kuphatikizapo kadontho, ndiye kuti bolodi la manambala 6 lingafune mawaya 48 kamzere kalikonse katakhala ndi waya wake. Kachipu ka ATmega328P kamene timagwiritsa ntchito kalibe miyendo yochuluka chotero. Choncho timalumikiza timizere tofanana ta manambala onse pa mawaya 8, kenako nambala iliyonse timaipatsa waya wake wina woiyatsa ndi kuizimitsa, ndipo mawaya onse amangokwana 14. Pa nthawi imodzi pamayaka nambala imodzi yokha, koma zikamasinthana mofulumira diso limaona ngati zonse zayaka.

Funso limene lili ndi ndalama zathu ndi lakuti zisinthane mofulumira motani. Bolodi lina limene tinakonza linali ndi khodi yoyatsa nambala iliyonse n'kudikira ndi `delay(5)`. Amene analemba ayenera kuti anawerengera kuti kusintha pa mamilisekondi 5 alionse ndi maulendo 200 pa sekondi, zomwe ndi zoona, koma diso siliwerenga kusinthako. Limaona nthawi imene nambala imodzi yakhala yozima isanayakenso. Manambala 6 amatenga mamilisekondi 30 kuti onse ayake kamodzi, ndiye kuti iliyonse inkayaka maulendo 33 okha pa sekondi, pamene anthu ambiri amasiya kuona kuphethira pakati pa 50 ndi 60. Malire amenewa nawonso sitiwadalira, chifukwa bolodi likawala kwambiri, kapena munthu akamaliona ndi mphepete mwa diso monga amachitira kalaliki amene wakhala pambali pake, kuphethira kumaonekabe pa liwiro limene wopenya molunjika sakuona kanthu. Lamulo lathu ndi lakuti tisatsike pansi pa 100.

Liwiro lokha silikwanira ngati silikhala lofanana nthawi zonse. Kusinthako kukakhala mkati mwa `loop()`, kachipu kakatanganidwa ndi kuwerenga mabatani nambala imodzi imakhalitsa yoyaka, ndipo bolodi limathwanima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ntchitoyi timaipereka kwa Timer2, wotchi ya mkati mwa kachipu, imene pa 16 MHz, itagawidwa ndi 64 ndipo `OCR2A` ili 249, imaitana kachidutswa ka khodi aka maulendo 1,000 pa sekondi:

```c
ISR(TIMER2_COMPA_vect) {
  PORTC = 0;
  PORTD = seg[i];
  PORTC = 1 << i;
  if (++i == 6) i = 0;
}
```

Pamenepa nambala iliyonse imayaka pafupifupi maulendo 167 pa sekondi. Mzere wa `PORTC = 0;` umazimitsa manambala onse timizere tatsopano tisanaikidwe, ndipo ukachotsedwa, chithunzithunzi chofooka cha nambala yoyandikana chimaoneka pa inzake, makamaka madzulo.

Kuwala ndiye kumachepa, popeza nambala iliyonse imayaka gawo limodzi lokha la magawo 6 a nthawi. Pa 5 V, ndi rezisita ya 220 Ω pa kamzere kalikonse, pamadutsa pafupifupi 13 mA, koma diso limaona ngati 2 mA yokha. Zimenezi zimakwanira mkati mwa ofesi, koma osati pakhonde loomba dzuwa. Komanso nambala 8 ikayaka ndi kadontho kake, waya wa nambalayo umanyamula moto wopitirira 100 mA, pamene mwendo wa kachipu sufunika kupitirira 40 mA, choncho nambala iliyonse timaiikira tiranzisita yake. Kuwonjezera liwiro sikuwonjezera kuwala ngakhale pang'ono, ndipo likakwera mopitirira, tiranzisita zimachedwa kuzima n'kubweretsanso chithunzithunzi chija.

Bolodi lisanatuluke, mmodzi wa ife amaima pambali n'kuyang'ana khoma, bolodi lili m'mphepete mwa diso, kenako amaponya maso mwachangu kuchoka kumanzere kupita kumanja. Timalijambulanso ndi foni, chifukwa osintha ndalama amakonda kutumizira makasitomala chithunzi cha mitengo, ndipo kamera masana imatseka mwamsanga moti pa 167 manambala ena amasowa pachithunzi. Kwa makasitomala oterewa timaika kachipu ka MAX7219, kamene kamayendetsa manambala 8 pafupifupi maulendo 800 pa sekondi, ndipo timawauziratu kuti mtengo wa bolodi ukwera.