Mneni amene amauza wowerenga kuti mawuwa ndi a mwini wake

M'nyuzipepala ya Chijeremani, mtolankhani amatha kulemba *sagte* kamodzi kokha, kenako n'kupitiriza ziganizo zinayi osatchulanso amene wayankhula, koma wowerenga osasokonezeka. Ife tikamalemba nkhani m'Chichewa timabwereza "iye wati", "anapitiriza kunena kuti". Mjeremani ntchito imeneyo amaisenzetsa mneni, pogwiritsa ntchito konyunkitivu woyamba, amene m'mabuku a galamala amalembedwa `Konjunktiv I`.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tengani mneni monga alili mu dikishonale, chotsani *-en*, muikepo *-e*: *haben* amakhala *er habe*, *kommen* amakhala *er komme*, *können* amakhala *er könne*. Tsinde silisintha, ndiye *er gibt* amabwerera ku *er gebe*, *er weiß* ku *er wisse*. Wosamvera lamuloli ndi *sein*, amene amapereka *er sei* ndi *sie seien*. Tebulo lonse musataye nalo nthawi yambiri, chifukwa nyuzipepala imasimba za munthu wachitatu, iye kapena iwo.

Tiyerekeze kuti meya wa mzinda wina wauza atolankhani kuti: *„Wir haben kein Geld. Die Brücke ist alt. Wir konnten sie letztes Jahr nicht reparieren. Die Arbeiten beginnen im Mai.“* Akunena kuti ndalama alibe, mlatho ndi wakale, chaka chatha analephera kuukonza, ndipo ntchito iyamba mu Meyi. M'nyuzipepala ziwoneka motere:

*Der Bürgermeister sagte, die Stadt habe kein Geld. Die Brücke sei alt. Man habe sie letztes Jahr nicht reparieren können. Die Arbeiten würden im Mai beginnen.*

Yang'anitsitsani chiganizo chachiwiri. Mulibe *sagte*, mulibe dzina la meya, koma *sei* akutiuza kuti akadali mawu ake. Mukalemba *Die Brücke ist alt*, nyuzipepala yadzitengera mawuwo ndipo ikuchitira umboni kuti mlathowo ndi wakaledi. Pa nkhani ya mlatho vuto ndi lochepa. Pa nkhani ya kukhoti, kusiyana kwa *er habe das Geld gestohlen* ndi *er hat das Geld gestohlen* n'kwakukulu zedi: koyamba mukusimba zimene woimira boma pamlandu wanena, kwachiwiri mwamugamula nokha munthuyo kuti ndi wakuba. Komanso musaganize kuti *sei* kapena *habe* akusonyeza kukayika. Wolembayo sakuvomereza, sakutsutsa, akungopereka uthenga.

Nanga *wir* wa meya wasandukiranji *die Stadt* ndi *man*? Apa ndi pamene pagona luso. Mneni akamanena za anthu ambiri, *sie haben* wa konyunkitivu woyamba amafanana ndendende ndi *sie haben* wa masiku onse, ndiye chizindikiro chija chimasowa. Zikatero timasamukira ku konyunkitivu wachiwiri: *sie hätten kein Geld*. Atolankhani nthawi zambiri amazemba vutoli posankha mwininkhani mmodzi, kuti *habe* awonekere poyera. M'chiganizo chomaliza njira imeneyo palibe. *Die Arbeiten beginnen* sakusonyeza kanthu, *begännen* ndi wolondola koma amamveka wolemera, choncho *würden beginnen* ndiye wofala. Kwa aneni omvera lamulo ngati *arbeiten*, konyunkitivu wachiwiri *sie arbeiteten* amafanananso ndi nthawi yakale, ndipo *würden arbeiten* ndi amene amachotsa chisokonezocho.

Pa nthawi ya mneni ndi pomwe ophunzira ambiri amapunthwa, makamaka amene anadutsa m'Chingelezi, momwe mneni amabwerera m'mbuyo mukamasimba mawu a wina. M'Chijeremani sabwerera. Funso ndi limodzi: pamene munthuyo ankayankhula, chinthucho chinkachitika, chinali chitachitika kale, kapena chinali m'tsogolo? Chinkachitika: *er komme*. Chinali m'tsogolo: *er werde kommen*. Chinali chitachitika: *er sei gekommen*, ndipo mawonekedwe amodzi omwewa amaimira *kam*, *ist gekommen* ndi *war gekommen* onse atatu. Wolemba *Die Brücke sei alt gewesen* chifukwa chongoona *sagte* kumayambiriro wasintha tanthauzo, wanena kuti mlathowo unali wakale pa nthawi ina m'mbuyomo.

Cholakwa china chofala n'kutenga *konnten* n'kungomuika timadontho kuti akhale *könnten*. Apo nthawi yakale yatayika, ndipo chiganizo chayamba kunena za lero, ngakhale kuti *letztes Jahr* ali pomwepo. Njira yoyenera ndi *habe*, kenako aneni awiri osasinthidwa kumapeto: *habe … nicht reparieren können*, osati *gekonnt*.

Mawu olamula munthu akamasimbidwa amafuna *sollen*, moti *„Zahlen Sie!“* amakhala *er solle zahlen*. Funso la inde kapena ayi limayamba ndi *ob*, mneni n'kupita kumapeto: *ob die Brücke sicher sei*.

Poyeserera, tengani nkhani imodzi yandale mu Süddeutsche Zeitung kapena pa tagesschau.de, mulembe mzere kunsi kwa *sei*, *habe*, *werde*, *könne* ndi *hätten* aliyense. Pamene mneni wabwerera ku *ist* kapena *hat* kunja kwa mawu ogwidwa mwachindunji, ikanipo kadontho, chifukwa pamenepo mtolankhani wayambanso kuyankhula yekha. Kenako bwezerani ziganizo za mizerezo m'mawu enieni a woyankhula, muone ngati *sei gewesen* aliyense akukupatsani nthawi yakale, monga *war*.