Nsima ya azakhali inandidyera marandi 50

Kwathu ku Lilongwe, takisi sukwera musananenererane mtengo. Mukagwirizana basi zatha, ngakhale uime panjira kugula tomato. Nzeru zimenezi ndi zomwe ndinafika nazo ku Cape Town.

Tsikulo ndimachoka ku Wynberg kupita ku Retreat kwa achimwene anga, ndili ndi chikwama ndi thumba la usipa wa azakhali. Pachitseko cha takisi panalembedwa mitengo itatu. Woyamba unali marandi 20 ongokhalira pampando, galimoto isanasunthe n'komwe. Wachiwiri unali marandi 12 pa kilomita. Wachitatu sindinauwerenge, poti samu yanga inali itatheka kale: makilomita 6 ndi marandi 72, kuphatikiza 20 aja, 92. M'thumba ndinali ndi 100. Ndinakhala kumbuyo ngati nduna.

Mwayi wake dalaivala anali Mmalawi wa ku Mangochi, ndiye titayandikira kwa azakhali ndinamupempha momasuka kuti aime ndikangosiya usipa.

"Ndidikire, bwana?"

"Dikirani achimwene, mphindi ziwiri zokha."

Amene ali ndi azakhali akudziwa kuti mphindi ziwiri kulibe. Anandifunsa za mayi, za mvula, za mbuzi zomwe anasiya kumudzi, kenako za maliro onse amene sanafikeko, mmodzimmodzi. Ndikuti ndidzuke, ndinamva mthiko ukugunda mumphika.

"Mwana wa mchimwene wanga achoke pano ndi njala? Khala pansi iwe!"

Atamva kuti panja pali munthu wakwathu, anatuma mwana kukamuitana. Dalaivala analowa mwaulemu wake, nasamba m'manja, nadya mitanda itatu. Ine n'kumamuwonjezera ndiwo.

Titabwerera m'galimoto, kamakina kowerengera ndalama kaja, komwe ndinakasiya pa 56, kanali pa 106. Ndinati kawonongeka. Iye anangondilozera mzere wachitatu uja pachitseko: kudikira, marandi 60 pa ola. Anandifotokozera modekha, akutokosa m'mano, kuti matayala akamazungulira mita imawerenga mtunda, akaima imayamba kuwerenga nthawi. Ngakhale pamaroboti kapena pamdipiti wa magalimoto imangodya, randi imodzi pa mphindi. Ife tinali titakhala mphindi 50.

"Komatu nanunso mumadya nawo!"

"Ndimadya ndili pantchito, bwana."

Kuchokera apo roboti iliyonse yofiira ndimaiona ngati mfiti. Tinafika ku Retreat mita ili pa 144, maroboti atabanso marandi 2 awo. Ndinaganiza zobwerera kwa azakhali kukakongola, koma dalaivala anandikumbutsa kuti kubwererako ndi makilomita enanso 3.

Marandi 44 otsalawo analipira achimwene, atatuluka ndi thawulo m'chiuno, asanandipatse ndi moni womwe. Dalaivala anawerenga ndalama zake, nalizitsa galimoto, kenako anatsitsa galasi.

"Bwana, mukamadzapitanso kwa azakhali mudzandiimbire. Usipa uja amautha."