Sabata ya mlembi wa msonkhano wa pa pulojekiti

Tiyerekeze kuti tikumanga buloko ya makalasi awiri, ndipo Lachiwiri lililonse pamakhala msonkhano wa ola limodzi wa injiniya, kontilakita, folomani, wogula katundu ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Mlembi wa msonkhano woterewu amasunga zinthu ziwiri. Maminitsi ndi mbiri ya tsikulo, ndipo akavomerezedwa sasinthidwanso. Ndandanda wa zochita ndi umodzi wokha kuyambira pokumba maziko mpaka popereka makiyi, ndipo umasintha sabata ndi sabata. Ambiri amasakaniza ziwirizi, n'chifukwa chake lonjezo la mwezi watha limakwiririka m'mapepala akale.

Lolemba mlembi amatsegula ndandanda n'kutumiza kwa onse mizere imene sinatsekedwe, pamodzi ndi ajenda. Lachiwiri msonkhano uyambe ndi mizere yomweyo nkhani zatsopano zisanalowe. Mukaziika kumapeto, nthawi imatha anthu akukangana za mtengo wa mchenga, ndipo amene sanachite zake amapita kwawo osafunsidwa.

Pamsonkhano musalembe mawu onse. Lembani amene abwera, amene apepesa, zimene zagwirizanidwa ndi chifukwa chake mwachidule, kenaka zochita. Apa ndi pamene pamafunika kuuma mtima pang'ono. Folomani akanena kuti simenti yatsala pang'ono kutha, onse n'kuvomereza kuti “tiona mmene tichitire”, palibe chimene chalembeka. Mlembi apemphe mpata kwa wapampando n'kufunsa kuti matumba angati, agula ndani, afika liti. Mzere wake ukhale chonchi: nambala 14, kugula matumba 60 a simenti a makilogalamu 50 ndi kuwafikitsa pamalo, mwini wake wogula katundu, tsiku lomaliza Lachisanu lino lolembedwa ndi deti lake, umboni wake pepala lolandirira katundu losainidwa ndi folomani. Mwini wa ntchito akhale munthu mmodzi. Mukalemba kuti “kontilakita ndi komiti”, aliyense amadikira mnzake. Ntchito imene yapatsidwa munthu yemwe sanabwere isaoneke ngati yavomerezedwa. Muimbireni tsiku lomwelo. Mphindi zisanu zomaliza mlembi awerenge mokweza zochita zonse zatsopano, mwini wake aliyense ayankhe ndi pakamwa pake.

Lachitatu lisanathe maminitsi akhale atapita, wapampando atawaona kale, anthu akadakumbukira zimene ananena. Masamba awiri ndi okwanira. Pa WhatsApp tumizani PDF, kuti wina asasinthe chiwerengero mwangozi, ndipo ndandanda wa mu Excel aziusintha mlembi yekha.

Lachinayi ndi tsiku la mafoni. Musafunse kuti “zikuyenda bwanji”, chifukwa yankho lake ndi lakuti “tili mkati”. Funsani chimene chachitika kale. Pa nambala 14 mwina mupeza kuti makoteshoni atatu alipo, koma chikalata choitanitsira katundu chili pa desiki ya abwana amene apita kumaliro. Zikatere vuto si la wogula katundu. Tsegulani mzere wina, nambala 17, wa kusainitsa chikalatacho, wokhala ndi mwini wake, ndipo pa 14 lembani kuti ikudikira 17.

Simenti ikapanda kufika Lachisanu, tsiku loyamba lija musalifufute. Lembani latsopano m'danga lakelake pambali. Ndandanda umene masiku ake amangofufutidwa umaoneka waukhondo pamene ntchito yachedwa ndi mwezi wathunthu. Tsiku likasuntha kawiri, nkhaniyo ipite kwa mkulu wa pulojekiti, pakuti kukumbutsana kokha sikungaithetse. Ndipo pa zomangamanga kuchedwa kumabala kuchedwa kunzake: konkire ikathiridwa imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, choncho simenti ikachedwa masiku anayi, ntchito zonse zodikira konkireyo zimasunthira limodzi. Kuti mizere yochedwa izifiira yokha, ikani lamulo ili mu Conditional Formatting ya mu Excel n'kusankha mtundu wofiira, ngati tsiku lomaliza lili mu E ndipo pamene ntchito yafika pali mu G:

```
=AND($E2<>"",$E2<TODAY(),$G2<>"yatsekedwa")
```

Kutseka mzere kumafuna umboni umene munagwirizana poyamba. Wogula katundu akati simenti yafika, koma pepala la folomani likuonetsa matumba 45, mzerewo ukadali wotsegula, ndipo mulembe kuti atsala 15. Mzere wotsekedwa usachotsedwe, ndipo nambala yake isapatsidwe ntchito ina, chifukwa pa nthawi yolipira kontilakita kapena pobwera owerengera ndalama mudzafuna kuonetsa zimene zinachitika. Mizere yotsegula ikapitirira makumi awiri pa pulojekiti yaing'ono ngati iyi, ipendeni bwino Lachisanu lomwelo: kawirikawiri ina imakhala maganizo chabe amene palibe anawavomera, ndipo imeneyo muibweretse Lachiwiri kuti msonkhano uipatse mwini wake kapena uichotse poyera, zilembedwe m'maminitsi.