Mizere 58 yomwe inasefukira pa tsamba 4

Nkhani inafika 5 koloko madzulo, ya mawu 640, yochokera kwa mtolankhani wathu wa kukhoti. Malo ake anali ataperekedwa kale pa tsamba 4, ndipo m'mawa anali okwanira bwino. Koma cha m'ma 6 koloko a zamalonda anabweretsa chilengezo cha kotala la tsamba, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito panyuzipepala amadziwa kuti malonda sasuntha, imasuntha ndi nkhani. Ndinatsala ndi makolamu atatu, iliyonse yotalika masentimita 12 tikachotsa malo a mutu.

Ine ndisanakhudze liwu lililonse ndimayamba ndawerengera mizere, chifukwa tsamba limadzaza ndi mizere osati mawu. Pa tsamba lathu mzere uliwonse umatenga mapoyinti 10, omwe ndi pafupifupi mamilimita atatu ndi theka. Ndiye kuti masentimita 12 amalowa mizere 34, makolamu atatu mizere 102. M'kolamu yopapatiza ngati yathu, Chichewa chimalowa mawu anayi pa mzere, mwina asanu zikayenda bwino, poti liwu limodzi ngati "sanamuzindikire" limadya theka la mzere palokha. Nditathira nkhaniyo mu InDesign, pulogalamu ya pakompyuta yomwe timakonzera masamba, kachizindikiro kofiira ka + kanatulukira pansi pa kolamu yachitatu, ndipo pa Info panalembedwa Words: 405+235. Mawu 235 osefukirawo anali mizere 58. Imeneyo ndiyo inali ngongole yanga.

Kusukulu ya utolankhani amaphunzitsa kuti nkhani ilembedwe zofunika kwambiri zili pamwamba, zopepuka pansi, kuti wodula azingoyambira kumchira n'kumakwera. Zimatheka ngati wolembayo anaimanga choncho. Atolankhani ambiri a kukhoti salemba motero. Amatsatira kope lawo monga mmene tsiku linayendera: woyimira boma amayamba, mboni zake zimalankhula, ndipo mbali ya wozengedwa mlandu imabwera kumapeto chifukwa m'khoti namo imabwera kumapeto. Ndili watsopano pantchito ndinadulapo nkhani kumchira osawerenga, n'kutaya ndime yonena kuti mmodzi mwa anthu atatu omwe tinawatchula khoti linamumasula tsiku lomwelo. Mawa lake mkulu wake anabwera ku ofesi nyuzi ili m'manja. Chichokereni tsikulo, ndimadina Ctrl+Y kuti nkhani yonse ioneke mu Story Editor, ndipo ndimayamba kuwerenga zomwe zili kunsi kwa mzere wolembedwa Overset.

Mlandu wake unali wa bambo wosunga katundu pasitolo ina ya zaulimi, yemwe ankaganiziridwa kuti anaba matumba 84 a feteleza. Pamwamba panali umboni wa mwini sitolo, wa wowerengera ndalama ndi wa mlonda. Kunsi kosefukirako ndinapezako zinthu zinayi: kuti bamboyo anaukana mlanduwo, kuti loya wake atamufunsa mlonda uja anavomera kuti makiyi a mosungira katundu analinso ndi anthu ena awiri, kuti bamboyo ali pa belo ndipo mlandu udzapitirira mwezi wamawa, ndiponso ndime yonena zaka zake, mudzi wake ndi mfumu yaikulu ya kwawo. Ndikanadula pomwe kompyuta inadulira, owerenga akanamva mboni zitatu zikumuloza munthu mmodzi, iye osayankhapo kanthu, ndipo akanatseka nyuzi ali otsimikiza kuti ndi wakuba. Chiganizo chilichonse chotsalacho chikanakhala choona, koma nkhaniyo ikanamunamizira munthu amene gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa.

Choncho ndisanachotse kanthu ndinayamba ndasamutsa. Zoti anaukana mlandu ndinazikweza n'kuziika m'ndime yachiwiri, pafupi penipeni ndi mlanduwo. Za makiyi ndinazilumikiza ku umboni wa mlonda, poti zinatuluka pakamwa pake pomwepo ndipo n'kulakwa kusindikiza theka la zomwe mboni inanena. Ndimachita izi poyamba pa chifukwa china: usiku tsamba likhoza kusinthanso, wina n'kudula mizere isanu kumchira ine nditapita kunyumba. Ndimafuna kuti wodula mothamangayo asakapeze kumchirako mbali ya wozengedwa mlandu.

Kenako ndinayamba ndi zikuluzikulu. Mwini sitolo ndi wowerengera ndalama ananena chinthu chimodzi: m'buku munali matumba akutiakuti, powerenga anapeza 84 palibe. Mtolankhani anapatsa aliyense ndime zitatu chifukwa aliyense analankhula nthawi yaitali. Ndinasunga wowerengera ndalama, amene anagwira bukulo ndi manja ake, ndipo mwini sitolo ndinamusiyira chiganizo chimodzi chonena kuti naye anaperekera umboni womwewo. Pamenepo panachoka mizere 22. Sindinamufufutiretu dala, chifukwa owerenga ayenera kudziwa kuti boma labweretsa mboni zitatu, osati ziwiri. Kuchepetsa mphamvu ya mbali ya boma n'kukondera komwe, kungoti kwapendekera kwina.

Mizere ina 9 inali yofotokoza kuti khoti linadzaza, achibale anakhala pabenchi lakumbuyo, woweruza analowa mochedwa. Zolembedwa bwino ndithu, ndipo ndinamva chisoni pozichotsa, koma sizisintha zomwe munthu angamve za mlanduwo.

Mawu ogwidwa ndi amene amafuna kusamala. Mlonda anali ndi ndime yonse ya mizere 17 m'zizindikiro za mawu ake enieni, akufotokoza mmene anaonera galimoto usiku. Lamulo langa ndi lakuti zomwe zili mkati mwa zizindikirozo sindizikonza, sindilumikiza chiyambi cha yankho lina ndi mapeto a lina ngati kuti ananena mopitiriza. Ndikafuna kufupikitsa ndimachotsa zizindikirozo n'kufotokoza m'mawu a nyuzi, koma "iye anauza khoti kuti" amatsala. Nditatero ndime ija inatsika kufika mizere 6. Pali liwu limodzi lomwe linandiimitsa. Mlonda anati anaona munthu "wofanana ndi" bamboyo. Pofupikitsa dzanja linathamangira kulemba kuti anaona bamboyo, zomwe zikanandipatsa theka la mzere. Ndinaimbira mtolankhani.

"Achimwene, mlonda uja anati anamuona iyeyo, kapena wofanana naye?"

"Wofanana naye, bwana. Loya anamupanikiza pomwepo, anati kunali mdima."

Mawu awiriwo anatsala, ndipo ndi amene loya adzamangirepo mlandu wonse.

Apa ndinali nditabweza mizere 42, yotsala 16. Kuyambira pamenepa ntchito imakhala yosesa m'makona. Mtolankhani aliyense ali ndi mawu omwe amayambira ndime mosadziwa: "Polankhula m'bwalo la milandulo", "Popitiriza kupereka umboni wake", "Malinga ndi zomwe ananena". Nkhani ikanena kamodzi kuti tili m'khoti, sipafunika kubwerezanso ndime iliyonse. Udindo wonse wa woyimira boma unalembedwa katatu, ndinausiya poyamba pokha. Dzina la mlandu linali ndi mchira woti ndi wosemphana ndi gawo 286 la malamulo okhudza milandu, lomwe limanena za wantchito kubera bwana wake. Nambalayo ndinaichotsa n'kusiya tanthauzo lake m'Chichewa chomveka, poti wowerenga kumsika safuna nambala, amafuna kudziwa kuti munthuyo akumuzenga chiyani. Zonsezi zinandipatsa mizere 9.

Pa mizere 7 yomaliza m'pamene mayesero amabwera. Maso amagwera pa ndime yomaliza ija, ya zaka, mudzi ndi mfumu yaikulu, mizere inayi yathunthu yooneka ngati mwambo chabe womwe apolisi ndi atolankhani anazolowera. Anzanga ena amaichotsa osaganiza kawiri. Ine sindiichotsa. M'boma limodzi muli a Banda ndi a Phiri ambirimbiri a dzina loyamba lofanana, ena a iwo akugwiranso ntchito m'masitolo. Ndimeyo ndi imene imauza owerenga kuti ndi uyu osati uyo, ndipo munthu wosakhudzidwa amene anansi ayamba kumuloza chala akhoza kukasuma kuti tamuyipitsira mbiri. Chinanso chokopa ndi timawu "akuti" ndi "akuganiziridwa kuti". Ndi tambiri, ndipo kutichotsa kumapereka malo msanga. Koma "anatulutsa matumba usiku" ndi nyuzipepala ikuchitira umboni, pamene "akuti anatulutsa matumba usiku" ndi nyuzipepala ikunena zomwe yamva m'khoti.

Ndinapita kwina. Ndinayang'ana ndime zomwe mzere wake womaliza uli ndi liwu limodzi lokha. Ndime yotere ukaichotsera liwu limodzi paliponse, mzere wonse umabwerera. Ndinapeza zinayi. Pena "pa nthawi imeneyo" anasanduka "pamenepo", pena "anapitiriza kunena kuti" anasanduka "anatinso". N'chifukwa chake ndimawerengera mizere: ukhoza kuchotsa mawu asanu m'ndime yomwe mzere wake womaliza ndi wodzaza osapindula kalikonse. Kamutu kakang'ono ka pakati pa nkhani kanali kutenga mizere iwiri, ndipo nkhani ya mizere 102 ikhoza kuyenda popanda iko. Mzere umodzi wotsalawo ndinaupeza pofinya zilembo za ndime imodzi yaitali, Tracking pa -10. Sindipitirira apo, chifukwa ukafinya kwambiri ndimeyo imaoneka yakuda kuposa zinzake, makamaka papepala la nyuzi lomwe limamwa inki.

Kachizindikiro kofiira kanazimiririka, koma sikanachedwe kubwerera. InDesign yathu imadula mawu kumapeto a mzere motsata Chingerezi, ndiye inalemba "mun-" pamwamba, "thu" pansi, ndiponso "matum-" ndi "ba". Chichewa chimaduka pambuyo pa vawelo: mu-nthu, matu-mba. Nditakonza pamanja malo asanu otere, ndime imodzi inakula ndipo mzere womaliza unatulukanso kunja, womwe unali ndi dzina la boma la kwawo kwa bamboyo. Ndinabwerera ku umboni wa wowerengera ndalama n'kusintha "ndalama zokwana" kukhala nambala yokha ndi K yake kutsogolo, mzere n'kulowa.

Ndisanatumize ndimawerenga nkhani yodulidwayo kuyambira pamwamba ngati munthu amene sanaone yoyambayo, ndikufufuza mabala a mpeni wanga. Linapezeka limodzi. Ndime yachisanu inkayamba ndi "Iye anatinso", koma ndime yomwe inkatchula wowerengera ndalama inali itafupikitsidwa, moti "iye" tsopano ankaloza mwini sitolo. Ndinabwezerapo udindo wake, ndipo mwamwayi mzere womaliza wa ndimeyo unali ndi malo.

Kunatsala mutu, mzere umodzi pamwamba pa makolamu atatu, wolowa zilembo pafupifupi 24. Mtolankhani anali atalembapo "Waba matumba 84 a feteleza", womwe unali wautali ndi zilembo ziwiri komanso unali utagamula kale mlandu womwe woweruza sanaumalize. Ndinalemba "Akana kuba matumba 84", zilembo 21, ndipo feteleza anatchulidwa mu mzere woyamba wa nkhani. Tsamba linapita kwa mkonzi nthawi itangopitirira 7 koloko.